Nyali ya sola ikasiya kuyaka usiku

Nyali yanga ndi ya pakhoma ija, yokhala ndi kapanelo pamwamba ndi batire imodzi mkati. Ndinaikhomera pakhomo kuno ku Chawama magetsi atayamba kuzimazima, ndipo inkayaka bwino mpaka mvula itadutsa. Kenako inangoti zii.

Nyali zotere zimadziwa kuti kwada chifukwa cha panelo yomweyo: mphamvu ya panelo ikatsika, nyali imayaka. Ndiye ngati aneba aika babu lowala kwambiri moyang'anana nayo, imaona ngati kudakali masana. Choncho ndinayamba ndaphimba panelo ndi nsalu yakuda, swichi ili pa ON. Siinayake. Apa ndinakabwereka mita yoyezera magetsi kwa achimwene ena okonza mawailesi pamsika, n'kumasula masikuluu akumbuyo.

Panelo ndinaipukuta ndi kansalu konyowa, chifukwa fumbi la Lusaka la mu Ogasiti mpaka Okutobala limamatirira ndithu. Kuseri kwake analemba 5.5V 1W. Ndinaika mita pa DCV 20, poyezera mavoti, waya wofiira pa + ndi wakuda pa -, panelo itayang'ana dzuwa la masana, ndipo inaonetsa 5.9. Koma mavoti okha amanamiza, panelo yotha imathanso kuonetsa nambala yabwino pomwe ikukankha moto wochepa. Ndinachotsa waya umodzi wa panelo pakabolodi kamkati koyendetsa nyaliyo, n'kutembenuzira mita pa 200m ya DCA, poyezera kuchuluka kwa moto wodutsa, n'kugundanso mawaya awiri a panelowo. Panelo ya wati imodzi pa mavoti 5.5 iyenera kupereka mamiliampu pafupifupi 180. Yanga inapereka 150, zomwe sizoipa kwa panelo yakale. Ikanapereka 20 kapena 30 dzuwa likuswa mtengo, ndikanadziwa kuti yatha kapena waya wathothoka mkati. Kuyesa kotereku n'kwa panelo yokha. Mukagunda batire mita ili pa DCA, mupsereza fyuzi ya mitayo, mwinanso batire n'kutentha.

Batire yake ndi ya 18650, yolembedwa 3.7V. Yamtunduwu ikadzaza imafika 4.2, ikatha imakhala cha m'ma 3.0, ndipo ikakhalitsa pansi pa 2.5 ndiye kuti yaonongeka. Yanga, mita itabwerera pa DCV 20, inaonetsa 3.8. Inalibe chotupa, inalibe zoyerayera kumitu. Komabe sindinaikhulupirire, pakuti batire yokalamba ili ngati ng'ombe yonenepa m'khola koma yogwa pagoli: imaonetsa 3.8 ikangokhala, babu likayamba kukoka n'kutsikira pa 2.7 nthawi yomweyo. Vuto linali loti sindikanatha kuiyesa ikugwira ntchito pomwe nyaliyo siikuyaka n'komwe.

Swichi ndi imene inandimasula. Ndinachotsa batire, n'kuika mita pakachizindikiro ka kulira kaja. Mukagundanitsa mawaya ake awiri imalira kuti tiii, kusonyeza kuti njira ya moto ndi yotseguka. Ndinagunda timiyendo tiwiri ta swichi tomwe pali mawaya, swichi ili pa ON. Mita inangoonetsa 1 osalira, chimodzimodzi ndi pa OFF. Nditayang'anitsitsa, timiyendoto tinali tobiriwira ndi dzimbiri, ndipo kalabala kotchinga swichi kanali katang'aluka, madzi amalowera pomwepo.

Ndinabwezera waya wa panelo ndi batire, n'kuphimba panelo, n'kulumikiza timiyendo tija ndi kawaya kakafupi. Nyali inayaka pompo. Ikuyaka choncho ndinayesanso batire: inatsika pang'ono kufika 3.7 n'kukhazikika, ndipo patapita mphindi khumi inali pomwepo. Kawaya kamodzi kanayankha mafunso awiri, kuti batire ili moyo ndiponso kuti kabolodi ndi mababu zilibe mlandu.

Achimwene aja, nditawabwezera mita, anati, "Akulu, ambiri amathamangira ku Kamwala kukagula batire yatsopano, pomwe chaonongeka ndi kanthu aka." Anandichenjezanso kuti batire ya 18650 yolembedwa 9900mAh ndi bodza, zenizeni zimalekezera cha m'ma 3500. Komanso nyali ina imagwiritsa ntchito batire ya 3.2V yofanana kukula ndi iyi, ndipo mitundu iwiriyi siisinthanitsidwa.

Ndisanabweze mita, swichi ndinaithira sipiriti pang'ono n'kuikankha uku ndi uku kambirimbiri. Inayamba kulira pamita, koma modukizaduka, ukaigwedeza n'kusiya. Swichi yotere imakuvutitsanso mvula ikabwera. Poti nyali ya pakhomo sindiizimitsa, ndinawapempha achimwenewo kuti angowotcherera timiyendo tiwirito pamodzi, ndipo bowo la swichi tinalimata ndi silikoni. Kuipa kwake n'kwakuti ndikafuna kuisunga m'nyumba kwa nthawi yaitali, ndiyenera kumasula n'kuchotsa batire, apo ayi idzayaka mumdimamo mpaka batire kutheratu.