Paipi ya a neba athu ku Nchalo ndi mlandu wa 1940

Sabata zitatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa nyusensi m'maphunziro athu a zamalamulo, womwe ndi wa milandu ya kusowetsa neba mtendere pamalo ake, ndipo dzulo usiku ndi pomwe mtima unakhala pansi. Za phokoso la chigayo ndi utsi wa uvuni wa njerwa sizinandivute, tonse tikudziwa kuti khoti limayang'ana dera, nthawi yake, komanso kutalika kwa vutolo. Chomwe chimandisokoneza ndi madzi. Ine ndinakulira ku Nchalo, komwe madzi akalowa m'nyumba timangoti ndi mvula, ndi Shire, ndi Mwanza wasefukira. Ndiye ndimadzifunsa kuti munthu ungasumire bwanji mnzako pa madzi ogwa kumwamba?

Chinanditsegula maso ndi mlandu wa ku Mangalande wa Sedleigh-Denfield ndi O'Callaghan wa 1940. Anthu a khonsolo anaika paipi mu ngalande ya pamalo a eni ake osawapempha, ndipo chotchinga zinyalala anachiika polakwika. Eni malowo anadziwa za paipiyo, nkumaigwiritsa ntchito pochotsa madzi m'munda mwawo. Patapita zaka zitatu kunagwa chimvula, masamba anatseka paipi, madzi nkusefukira kwa neba. Khoti linati eni malowo ndi olakwa ngakhale paipiyo sanaike ndi iwo, chifukwa ankadziwa ngoziyo, kukonza kwake kunali kosavuta, koma anangoisiya.

Nditawerenga kachiwiri ndinaona kwathu kwenikweni. A neba a kumtunda kwa nyumba ya amayi anagula puloti ili kale ndi paipi pansi pa njira yolowera pageti. Dzinja lililonse imatsekeka ndi mchenga ndi majumbo, madzi nkutembenukira kukhitchini kwathu. Amayi akadandaula, yankho limakhala lomwelo: "Mayi, paipiyi ndinaipeza, ndipo mvula sindigwetsa ndine." Kale ndinkaona ngati akunena zoona. Tsopano ndaona kuti funso si lakuti anaika paipi ndani kapena anagwetsa mvula ndani. Funso nlakuti kodi ankadziwa, nanga atadziwa anachitapo chiyani chimene munthu wa mphamvu ngati zawo akanatha. Kufukula mchenga ndi fosholo mvula isanayambe si ntchito yofuna ngongole. Ndipo tsiku lomwe amayi anakadandaula koyamba ndi lomwe a nebawo anataya mwayi wonena kuti samadziwa.

Njira yomwe yandithandiza ndi kujambula. Ndimajambula mapuloti awiri, muvi wosonyeza komwe madzi ankapita kale, ndi muvi wina wa komwe akupita tsopano. Pamene mivi iwiriyo yasiyanirana ndi pamene pali mlandu. Ine ndikuti funso lililonse la madzi pa mayeso lingayankhidwe ndi pensulo basi, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake aphunzitsi athu sanajambulepo ngakhale kamodzi pa bolodi. Anatha maola awiri pa za mabala oimba nyimbo usiku, za madzi nkungozidutsa mphindi khumi belu lili pafupi. Zinandiwawa, chifukwa ena a ife tikabwerera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, anthu adzatifunsa za madzi kuposa za zoimbira.

Pa za thandizo, ndaona kuti chipukuta misozi chokha sichingawathandize amayi. Angalipidwe matumba a mapira omwe ananyowa ndi khoma lomwe linang'aluka, koma Januwale akubwerayo madzi adzalowanso. Chofunika ndi chiletso cha khoti cholamula kuti paipi ikonzedwe. Palinso njira yochotsa vutolo wekha, koma iyi njoopsa: ukalowa pamalo a mwini osamuchenjeza kaye, kapena ukagumula zoposa zofunika, mlandu umakutembenukira. Achimwene anga anafuna kukaswa paipiyo usiku ndi piki, ndipo ndikuthokoza kuti amayi anawaletsa.

Umboni wake ndi wa zinthu wamba: zithunzi za paipi itatsekeka, mzere wa matope pakhoma woyezedwa ndi tepi, masiku omwe madzi analowa, ndi tsiku lomwe nkhani inakafika kwa a nyakwawa. Koma usankhe mvula yoyenera. Ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 singathandize, chifukwa a neba adzangoti madzi akanalowabe ngakhale paipi ikanakhala yoyera. Yothandiza ndi mvula wamba yomwe inanyowetsa nyumba yathu yokha, za anzathu zili zouma.

Pomwe ndaima mpakuti khoma lathu linayamba kung'aluka ndi madzi a paipi, nkudzamalizidwa ndi namondwe, ndiye mivi yanga ija sikundiuza gawo la a neba ndi liti. Komanso ndi anthu omwe timakhala nawo pamaliro, mwana wawo amatunga madzi ndi mlongo wanga pamjigo umodzi. Amayi akandifunsa pa holide ino kuti tipite kukhoti kapena tibwererenso kwa a nyakwawa, sindinaganize chomwe ndidzawayankhe.