Zolemba za lero: fayilo ya VDI yomwe imakana kuphwa

M'mawa kompyuta yanga inayamba kudandaula kuti malo pa disiki atsala pang'ono kutha. Nditafufuza ndinapeza kuti chodya malo ndi fayilo imodzi, `ubuntu.vdi`, yomwe ndi disiki ya kompyuta yamkati imene ndimayendetsa mu VirtualBox. Inali itafika 61 GB, pomwe malire ake ndi 80 GB. Ndinalowa mkatimo n'kufufuta makope akale a detabesi okwana 38 GB. Lamulo la `df -h` linaonetsa kuti mafayilo otsala mkatimo ndi 23 GB zokha. Koma kunja, fayilo ija inali pomwepo pa 61 GB, osasuntha ngakhale pang'ono.

Izi sizodabwitsa ukadziwa mmene kufufuta kumachitikira. Linux ikafufuta fayilo, imangolemba kuti malo amenewa tsopano ndi opanda mwini, koma zomwe zinalembedwamo imazisiya momwemo. Zili ngati kufufuta dzina la katundu m'kaundula pomwe katunduyo akadali m'nkhokwe. VirtualBox siwerenga kaundula wa Linux ayi. Iyo imaona disiki m'zigawo za 1 MB, ndipo chigawo imachitaya pokhapokha chikakhala ndi maziro okhaokha. Choncho ntchito ili pawiri: kulemba maziro pamalo onse opanda mwini, kenako kuuza VirtualBox kuti itaye zigawozo.

Ambiri amalemba maziro ndi `dd`, kupanga fayilo yaikulu mpaka disiki yamkati itadzaza, kenako n'kuifufuta. Njirayi imagwira, koma ine lero sindinaifune. Imalemba paliponse, ngakhale pamalo omwe sanalembedwepo chiyambire, motero ndinaopa kuti VDI ikhoza kuyamba yafufuma kulowera ku 80 GB isanaphwe. Kunja kunali kutatsala 9 GB yokha, ndipo disiki yeniyeni ikadzaza ntchito ili mkati, kompyuta yamkati imaima. Ndinasankha `zerofree`, chifukwa imayang'ana kaye kachigawo kalikonse kopanda mwini, n'kulemba pokhapo pomwe pali zotsalira.

Vuto lake `zerofree` ndi lakuti imagwira pa ext2, ext3 ndi ext4 basi, ndiponso imakana patishoni yomwe ili yotsegukira kulembedwa. Ndinayesa `mount -o remount,ro /` ndipo yankho linali lakuti patishoniyo ndi `busy`, popeza mapulogalamu ena anali akulembamo. M'malo mowasaka mmodzimmodzi, ndinazimitsa kompyuta yamkati n'kuiyatsanso kuchokera pa ISO ya Ubuntu, kuti disiki yake ikhale chete. Ndinaika `zerofree`, n'kutsimikiza dzina la patishoni ndi `lsblk`.

```
sudo apt install zerofree
lsblk -f
sudo zerofree -v /dev/sda2
```

Ndisanalembe mzere womalizawo ndinaonanso ngati zonse zomwe ndinafufuta zinalidi zosafunika. Maziro akangolembedwa, palibe pulogalamu yobwezeretsa mafayilo imene ingathandize.

Masana itamaliza, ndinazimitsa kompyuta yamkati kotheratu. Kuisiya pa `Saved` sikokwanira, iyenera kuonetsa `Powered Off`. Kenako pa kompyuta yeniyeni:

```
VBoxManage modifymedium disk ubuntu.vdi --compact
VBoxManage showmediuminfo disk ubuntu.vdi
```

Mzere wa `Size on disk` unatsika kufika pafupifupi 26 GB, pomwe `Capacity` inakhalabe 80 GB monga ziyenera kukhalira. Mkati palibe chinasintha, mafayilo onse ali momwe ndinawasiyira.

Chinandikhalitsa pansi ndi 3 GB yosiyanayo, pakati pa 23 ndi 26. Mbali yaikulu ndi patishoni ya `swap`, ya 2 GB, yomwe `zerofree` siikhudza. Yotsalayo ikuchokera ku kukula kwa zigawo. Ext4 nthawi zambiri imasunga zinthu m'tizigawo ta 4 KB, ndiye kafayilo kamodzi kakang'ono kakakhala pakati pa chigawo cha 1 MB, chigawo chonsecho chimatsala ngakhale kwina konse kuli maziro. Nchifukwa chake VDI sifika ndendende pa chiwerengero cha `df`, ndipo ine sindinaone chifukwa cholimbana ndi kagawo kotsalako.

Madzulo mnzanga wina anayesa zomwezi pa kompyuta yake, koma fayilo yake sinatsike. Titayang'ana tinapeza kuti ali ndi chithunzi chosungira cha disiki, zija zimakhala mu foda ya `Snapshots`. Chikakhalapo, disiki yoyambayo imatsekedwa, ndipo zolemba zonse zatsopano, kuphatikizapo maziro aja, zimapita m'fayilo ina yosunga zosintha. Zakale zija zinali zikadali m'disiki yoyamba, chifukwa chithunzicho chimazifuna kuti munthu athe kubwerera m'mbuyo. Tagwirizana kuti ayambe wakopera zonse pa disiki ina, achotse chithunzicho kuti mafayilo awiriwo aphatikizane, kenako abwereze `--compact` mawa.