Mmene ndinaikira malire a dera ndi maola pa malonda anga a Facebook ku Zomba

Ndili ndi malo ophikira chakudya chamasana pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo chakudya chambiri chimapita kumaofesi ndi kwa ophunzira pa njinga yamoto. Munthu wa ku Blantyre kapena ku Liwonde akaona malonda anga, ndalama imene ndalipira yatayika, chifukwa nsima singayende ulendo wotero n'kufika ili yotentha. Chimodzimodzinso munthu wa ku Matawale amene waona malondawo usiku, miphika itatsukidwa kale.

Sindinagwiritse ntchito batani la Boost post limene limaoneka pansi pa chithunzi, chifukwa njira yachiduleyo siyipereka mpata wosankha maola. Ndinatsegula Ads Manager, chida cha Facebook chokonzera malonda olipira, pa kompyuta, ndinasankha kuti ofuna chakudya azindilembera pa WhatsApp, kenako ndinatsikira pa gawo la Locations.

Mukangolemba dzina la tauni pamenepa, Facebook imajambula bwalo lozungulira tauniyo, ndipo bwalo la mtundu umenewu silichepera makilomita 17. Ku Zomba kuno mtunda wotero ukufika cha ku Domasi ndi ku Thondwe, kumene wanjinga wanga sangapite ndi mbale imodzi n'kubwerako ndi phindu. Choncho ndinachotsa Malawi yense amene amakhalapo poyamba, ndinadina Drop pin n'kuika chizindikiro pamsika penipeni. Chizindikiro chotere chimalola bwalo laling'ono mpaka kilomita imodzi. Ine ndinasankha makilomita 5, ndipo ndinayang'ana pamapu kuti Chinamwali, Matawale, Chikanda, Mpondabwino ndi yunivesite zili mkati. Mukaona kabokosi kopempha kuti malonda afikenso kwa anthu a kunja kwa dera lanu, musakachonge. Zaka ndi zokonda za anthu sindinazikhudze kwambiri, popeza anthu a m'bwalo lotere ndi ochepa kale, ndipo kuwasefanso kumachititsa kuti anthu omwewo aziona chithunzi chomwecho mpaka kutopa nacho.

Za maola ndi zimene zimasokoneza ambiri. Pamene ndinkachita izi, ndikasiya ndalama pa Daily budget, kutanthauza ndalama za tsiku lililonse, posankhira maola sipankagwira ntchito. Ndinayenera kusankha Lifetime budget, kutanthauza ndalama za nthawi yonse ya malondawo, ndi kuika tsiku loyambira ndi lomalizira. Mukatero mumatha kuchonga Run ads on a schedule, ndipo pamatuluka timabokosi ta masiku a sabata, kalikonse koimira ola limodzi. Makasitomala anga amaganiza za nkhomaliro ntchito ikafika pakati, ndipo maoda ndimasiya kulandira 1 koloko ikakwana. Ndinadetsa timabokosi ta 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndinaika ndalama zokwana pafupifupi K70,000 pa masabata awiri, amene ndi masiku 10 ogwira ntchito ndi maola 40 otsatsa. Pogawa zimabwera K7,000 patsiku, ngakhale kuti Facebook siwononga mofanana tsiku lililonse.

Pamwamba pa timabokosito pali funso la nthawi imene itsatidwe, ya woonera kapena ya akaunti. Ndimalangiza kusankha ya woonera. Maakaunti ena anatsegulidwa ali pa nthawi ya ku California, imene imatsalira ndi maola 9 kapena 10 poyerekeza ndi yathu, moti 9 koloko ya akauntiyo ndi madzulo kuno, anthu ataweruka kale.

Patapita masiku angapo ndinadina Breakdown n'kusankha Time of day kuti ndione maola amene ndalama zinkapita. Ola loyamba linkadya ndalama koma mauthenga ankabwera ochepa, pamene kuyambira 11 koloko foni inkalira mosalekeza, choncho ndinachotsa 9 koloko. Za dera, lipoti la Region limasonyeza zigawo zikuluzikulu, silisiyanitsa Sadzi ndi Namadzi. Chimene chinandithandiza ndi kufunsa aliyense wolemba kuti, “Muli mbali iti, bwana?” n'kulemba yankho m'kope la maoda.

Mauthenga ena ochokera kutali ankabwerabe, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Facebook imawerengera okhala m'deralo pamodzi ndi amene angodutsamo posachedwa, ndipo Zomba ili pa msewu wa M3 umene minibasi za pakati pa Blantyre ndi Mangochi zimadutsa tsiku lonse. Komanso foni yozimitsa GPS imaganiziridwa malo ake kuchokera pa intaneti imene ikugwiritsa ntchito ndi zimene mwini wake analemba pa tsamba lake, ndipo munthu akagawira anzake malondawo, amafika kulikonse nthawi iliyonse. Pa chifukwa chimenechi ndinalemba pa chithunzi penipeni kuti timapereka mu Zomba mokha, maoda mpaka 1 koloko, kuti wakutali adziwiretu asanadine.