Pepala la kuseri kwa chitseko: zomwe tinakaona ku Cape Maclear

Tinanyamuka pa boma la Dedza Lachisanu m'mamawa, anthu 14 m'minibasi imodzi, tonse eni ake kapena oyang'anira malo ang'onoang'ono ogona alendo. Tinatsika Khwekhwerere chifunga chisanachoke, tinapumako pa Golomoti, ndipo tisanafike pa Monkey Bay tinakhotera kumanzere n'kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park mpaka m'mudzi wa Chembe. Unali mwezi wa Julaye, mwera ukuwomba ndithu. Loji yomwe inavomera kulandira gulu lathu kuti tikaphunzire momwe amagwirira ntchito ili ndi zipinda 12, ndipo ili pamchenga penipeni.

Pogawana ntchito, ena anapatsidwa zakukhitchini, ena za mabuku a ndalama. Ine a wapampando anandiuza kuti ndidzalembe za pepala lolandirira alendo, lija limaikidwa m'chipinda. Ndinaona ngati andipeputsa. Kwanga pepala lotere lilipo, analikhoma malemu bambo anga, ndipo lili ndi mizere itatu: osachapira m'chipinda, osaphikiramo, katundu akasowa si mlandu wathu. Ndimati nanga pamenepa pali chophunzira chanji?

La anzathuwa ndi pepala limodzi lokutidwa ndi pulasitiki, mbali ina Chingerezi, mbali ina Chichewa. Limakhala kuseri kwa chitseko, lina patebulo pafupi ndi bedi. Amayi omwe amayang'anira malowa anakhala nafe pakhonde, pepala lili m'manja, ndipo anayamba n'kunena kuti palibe mzere womwe anaulemba chifukwa chofuna kukongoletsa. Uliwonse unabwera atakangana ndi mlendo, kapena wantchito atalira.

Anayambira pa chakudya. Cham'mawa ndi 7 koloko mpaka 9:30, chamasana 12 koloko mpaka 2 koloko, chamadzulo 6:30 mpaka 8:30. Izi aliyense angalembe. Chomwe chinandigwira mtima ndi mzere wotsatira, wonena kuti wofuna chakudya chamadzulo anene 4 koloko isanakwane, chifukwa nsomba amagula tsiku lomwelo kwa asodzi ndipo firiji yawo ndi yaing'ono poti imayendera sola. Amayiwo anati kale lamuloli linalembedwa lokha popanda chifukwa, ndipo alendo ankaliona ngati nkhanza. Munthu ankabwera 7 koloko usiku kufuna kampango wowotcha, akauzidwa kuti palibe, mkangano unkagwera mtsikana woperekera zakudya. Chiyambireni kulemba chifukwacho, alendo ambiri amadzera kukhitchini okha asanapite kokasambira.

Pansi pake pali mawu akuti amene thupi lake limadana ndi mtedza anene pofika, chifukwa masamba otendera amaphikidwa ndi nsinjiro. Ife tinaseka, poti ndani sadziwa kuti chotendera ndi mtedza? Koma mlendo wochokera kunja akaona mpiru m'mbale amangoti ndi masamba, ndipo pali anthu omwe mtedza pang'ono chabe umawatupitsa pakhosi mpaka kubanika. Chipatala chachikulu chapafupi chili ku Monkey Bay, ulendo wa pagalimoto wodutsa m'mapiri muja. Titamva zimenezo kuseka kunatha.

Nkhani ya waifayi inali yaifupi koma inatikhudza ambiri. Pasiwedi yawo yakale inali `L0dgeO1l`, yomwe anawaikira mnyamata wodzalumikiza rauta. M'menemo muli ziro ndi chilembo O, muli 1 ndi chilembo l, zinthu zomwe papepala zimaoneka zofanana, komanso foni imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono. Mlonda ankadzutsidwa usiku kuti akalembere anthu pasiwedi. Pano anasintha, ndipo zimaoneka motere:

```
Wi-Fi: Alendo
Password: chambo2468
```

Zilembo zonse n'zazing'ono, ndipo ndi mawu oti munthu angathe kumuuza mnzake pakamwa. Sizingafupike kwambiri chifukwa rauta salola pasiwedi yosakwana zilembo 8. Pasiwediyo sili pa pepala lapulasitiki lija, ili pa kakhadi kolowetsa m'kathumba m'munsi mwake, kuti akamaisintha mwezi ndi mwezi asamasindikizenso mapepala onse. Analembanso zoona zake: waifayi imafika ku bala ndi kodyera, m'zipinda zakumapeto siifika, ndipo poti imayendera bandulo ya simukhadi, akupempha kuti anthu asamaonerepo mafilimu. Mmodzi wa ife, yemwe pachikwangwani chake analemba kuti waifayi ili paliponse pomwe imathera pa risepushoni, anangoyang'ana kunyanja.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa zachitetezo, makamaka mzere wa likodzo. Pepalalo limanena mosabisa kuti m'madzi a nyanjayi mungathe kukhala tizilombo ta likodzo, kuti timachokera mu nkhono zomwe zimakonda madzi osaya a m'mabango ndi m'maudzu, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasambira kapena kungoyenda m'madzimo. Limalangiza kuti wosambira akaonane ndi achipatala akabwerera kwawo, ngakhale asakumva chilichonse m'thupi.

Bambo wina wachikulire m'gulu lathu sanagwirizane nazo. Anati, "Amayi, mukudziphera nokha malonda. Munthu wabwera kudzasambira, inu n'kumuuza kuti madzi ali ndi matenda?" Amayiwo anayankha modekha kuti alendo ambiri akunja amafika atamva kale za likodzo, ndipo akapeza pepala lili chete amayamba kukayikira zina zonse zomwe lalemba. Anawonjeza kuti vuto lalikulu lomwe ankaliona ndi la anthu ogula mankhwala a prazikwantelo n'kumwa tsiku lomwe akuchoka, poganiza kuti athana nazo. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula, ndipo kuti zikule pamatenga masabata, choncho omwa msanga amangodzinamiza. N'chifukwa chake pepalalo limati munthu adikire masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi, ndipo mlingo wake akamuuze achipatala poti umatengera kulemera kwa thupi. Bambo aja sanagonje. Mpaka pobwerera m'minibasi ankanenabe kuti zoterezi n'zouza munthu pakamwa akafunsa. Ine ndili mbali ya amayi aja, chifukwa wofunsa amakhala yemwe akudziwa kale, ndipo wosadziwayo ndiye safunsa.

Malangizo ena ndi afupiafupi. Neti itsitsidwe dzuwa likamalowa, osadikira nthawi yogona, udzudzu usanalowemo. Osasambira usiku kapena utamwa mowa. Mwera ukamawomba, wofuna kupita ku chilumba cha Thumbi pa bwato ayambe wafunsa ku risepushoni, ndipo asakwere bwato lopanda majekete oyandamitsa. Chakudya chisasiyidwe pakhonde chifukwa cha anyani. Madzi a pampopi ndi osamba, akumwa ali m'chigubu chakodyera. Magetsi akazima, tochi ili m'dirowa ya kumanja kwa bedi, ndipo ndinatsegula n'kuipezadi ikuyaka. Palinso pempho loti potuluka kulowa m'mudzi anthu avale moyenera, asayende ndi zovala zosambira, komanso asajambule ana kapena amayi ochapa kunyanja osapempha. Malowa ali m'kati mwa mudzi wa anthu, ndipo mlendo akalakwitsa, omwe amaitanidwa kwa amfumu ndi eni loji.

Apa ndi pomwe panachitika kanthu komwe sitinakonzekere. M'munsi mwa gawoli muli manambala awiri oimba usiku, ya amayi aja ndi ya mlonda. Msungichuma wathu, mayi wosakhulupirira chinthu asanachiyese, anatulutsa foni n'kuimba ya mlondayo tonse tikuona. Sinapezeke. Anaimbanso, chimodzimodzi. Zinadziwika kuti nambalayo inali ya mlonda yemwe anasiya ntchito miyezi itatu yapitayo. Amayi aja anagwira pakamwa, kenaka anatithokoza, ndipo madzulo omwewo tinaona mnyamata akuzungulira m'zipinda kumata nambala yatsopano. Tinagwirizana pomwepo kuti nambala ya usiku izikhala ya foni ya pamalopo yomwe alonda amasiyirana, osati ya munthu, ndipo pansi pa pepala pazilembedwa mwezi ndi chaka chomwe lakonzedwa komaliza.

Za nthawi yotuluka anatiwerengera masamu. Mlendo atuluke pofika 10 koloko m'mawa, watsopano amalowa kuyambira 2 koloko masana. Okonza m'zipinda alipo awiri, ndipo chipinda chimodzi chimawatengera mphindi 40: kuyalula, kusesa mchenga, kukolopa, kutsuka kubafa, kuona ngati neti yabooka. Tsiku loti zipinda zonse 12 zatuluka, aliyense amakhala ndi zipinda 6, ndiye kuti maola anayi ndendende, osapumira. Mlendo mmodzi akangogonereza mpaka 12 koloko, wina amafika n'kupeza chipinda chake chisanakonzedwe. Choncho pepalalo limati wofuna kuchedwerapo apemphe usiku wake, ndipo ngati chipindacho chilibe wolowamo amamulola mpaka 12 koloko kwaulere. Kupitirira apo ndi theka la mtengo wa tsiku. Wofuna kusambirabe angathe kusiya zikwama ku risepushoni.

Limanenanso kuti mtengo womwe mlendo anauzidwa uli kale ndi misonkho, kuti zakumwa za ku bala zimalembedwa m'buku lomwe mlendo amasainira nthawi iliyonse, ndiponso kuti angalipire ndi ndalama m'manja, Airtel Money kapena Mpamba. Makina a khadi alipo koma amadalira netiweki, ndiye amachenjeza kuti munthu asadalire khadi yokha. Wonyamuka m'bandakucha alipiretu usiku, kiyi asiyire mlonda.

Mzere womalizawu ndi womwe unandikhudza ine kwambiri, chifukwa alendo anga si odzasambira. Ndi madalaivala, amalonda odzagula mbatata ya kachewere, ndi anthu a misonkhano, ndipo theka la iwo amanyamuka 4 koloko m'mawa ine ndili m'tulo. Makiyi atatu anapita nawo chaka chathachi, maloko n'kuchita kuthyola. Pokambirana usiku wa Loweruka tinaona kuti kukopera pepala la kunyanja momwe lilili kungakhale kupusa. Ku Dedza kulibe mwera wogubuduza bwato. Mlendo wathu amafuna kudziwa nthawi yomwe madzi otentha amapezeka, komwe angapemphe bulangete lachiwiri mu Juni, nthawi yotsekera geti, ndi ngati galimoto yake ili ndi woilondera.

Nditabwerera ndinachotsa pepala la bambo anga, ngakhale mtima unandiwawa pang'ono, n'kulisunga m'kabati. Latsopano ndinalilemba pamanja kaye n'kupatsa mtsikana wa ku risepushoni ndi mlonda kuti awerenge. Mlonda anandifunsa chifukwa chomwe ndalembera kuti geti imatsekedwa 10 koloko pomwe iye amatseka 9 koloko basi yomaliza ikadutsa. Zaka zonsezi sindinkadziwa. Tagwirizana 10 koloko, ndipo ndamugulira foni yapageti. Amene mapepala awo akonzeka abwere nawo ku msonkhano wa mwezi wamawa, msungichuma wanena kuti adzaimba nambala iliyonse yomwe yalembedwapo.