Wina nsima imamukanika, wina sakhuta, koma matenda ndi amodzi

Funso lachisanu pa PHQ-9, mndandanda wa mafunso oyezera matenda okhumudwa, linkandisokoneza mutu kwambiri. Limafunsa ngati munthu sakufuna kudya kapena akudya mopyola muyeso, zonse mumzere umodzi, ndipo mapointi ake ndi omwewo. Ndinkangoloweza kuti ndikhoze mayeso, koma mumtima ndinkati matenda amodzi angachite bwanji zinthu ziwiri zotsutsana chonchi? Sabata ino ndamvetsa, ndipo mtima wakhala m'malo.

Chinanditsegula maso n'chakuti kudya kumayendetsedwa ndi zinthu ziwiri mu ubongo. China ndi kumva zomwe thupi likunena, kuti m'mimba mwapepuka, nthawi yakwana. China ndi chikoka cha chakudyacho, chija chimakudzutsa pampando ukamva fungo la mandasi ngakhale wangodya kumene. Matenda okhumudwa amatha kugwira chimodzi mwa ziwirizi kuposa chinzake, ndiye zotsatira zake zimasiyana.

Munthu akapsinjika maganizo, thupi limatulutsa mahomoni motsatizana ngati tcheni, ndipo amakhala ngati belu lochenjeza za ngozi. Chofunika n'chakuti homoni yotchedwa CRH, imene imayambitsa tcheni chonsecho, imapha njala. Mwa odwala ena belu limeneli limangolirabe osazima, ndipo thupi limakhala ngati likuthawa ngozi usana ndi usiku. Gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Simmons mu 2016 linaonetsa odwala zithunzi za chakudya likujambula ubongo wawo. Mwa amene anasiya kudya, mbali ya ubongo yotchedwa insula imene imamvetsera za m'thupi inkagwira ntchito mofooka. Mwa amene ankadya kwambiri, mbali zimene zimasangalala ndi mphotho zinkayaka mopitirira. Choncho woyambayo uthenga wa njala sukumufika bwino, pomwe wachiwiriyo chakudya chikumukoka mwamphamvu, makamaka chotsekemera ndi chamafuta, chifukwa chimamupepuza kwa kanthawi kenaka chisoni n'kubwerera.

Njira imene yandithandiza ndi kulemba odwala awiri ongoyerekeza papepala limodzi, wina kumanzere wina kumanja. Ine ndikuona kuti palibe njira ina yoposa imeneyi, ndipo mutu uliwonse wa matenda a maganizo ndiziuwerenga choncho. Kumanzere ndinaika mayi amene anali ndi makilogalamu 60, pakutha pa mwezi ali ndi 56. Malire a mu DSM-5, buku lothandiza kuzindikira matenda a maganizo, ndi kusintha kwa kulemera kwa thupi kopitirira 5 peresenti pamwezi, amene kwa iyeyu ndi makilogalamu 3, ndiye wadutsa kale. Amadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha osagonanso, m'mawa ndi pamene zimamuvuta kwambiri, ndipo ngakhale mwana wake atakhoza mayeso nkhope sisintha. Amatema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, akuti ndiwo sizikumveka kukoma. Kumanja ndinaika mnyamata amene amagona maola oposa khumi, manja ndi miyendo zimamulemera, amadya buledi ndi tiyi wa shuga wambiri usiku, thalauza layamba kumuthina. Uyu akamva nkhani yabwino amasangalalako pang'ono, ndipo n'chifukwa chake abale ake sakhulupirira kuti akudwala.

Wachiwiriyu ndi amene akundidetsa nkhawa. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, akagona kwambiri timati ndi ulesi. Ngakhale SRQ-20, mndandanda wina wa mafunso oyezera matenda a maganizo, imangofunsa ngati chilakolako cha chakudya chachepa, za kudya kwambiri mulibe. Aphunzitsi athu mutu wonsewu anaudutsa pa silaidi imodzi, akuti nthawi yatha, silabasi ndi yaitali. Zimandipweteka, chifukwa ife ndi amene tidzakhale pamzere wa odwala wautali, wodwala aliyense mphindi zochepa, ndipo chimene sunaphunzitsidwe kufunsa sungachifunse.

Kumanzere kuja nakonso kuli msampha. Munthu wowonda chonchi uyenera kuyamba wamuyeza TB, HIV ndi shuga, n'kuganiziranso za chithokomiro, usanathamangire kunena kuti ndi maganizo. Ndipo akhoza kukhala nazo zonse ziwiri. Mankhwala a matenda okhumudwa nawo amalowererapo: amitiripitilini amawonjezera njala ndi kunenepetsa, pomwe fuluwokisetini amakonda kuchepetsa njala masabata oyamba. Ndiye ukaona sikelo yasuntha, funsa kaye kuti kusinthako kunayamba asanayambe mankhwala kapena atayamba.

Pali pomwe pepala langa lija silikundifikitsa. Odwala odya kwambiri amapezeka ndi mahomoni a insulini ndi leputini okwera komanso zizindikiro za kutupa m'magazi, monga CRP. Leputini ndi amene amayenera kuuza ubongo kuti wakhuta, koma apa ali wambiri munthu akudyabe. Kodi kunenepako ndiko kumabweretsa kutupa kenaka kukhumudwa, kapena kukhumudwa ndiko kumayamba? Ndipo odwala ambiri sakhala bwinobwino mbali imodzi, wina sakudya koma akugona tsiku lonse. Ameneyo ndimuika pati, kumanzere kapena kumanja? Pamenepo ndidakaganizabe.