Ngongole kapena masheya? Zomwe ndatolapo pa DFL ndi poyinti yomwe EPS imafanana

Sabata ino ndakhala pa mutu wa fainansho levareji, kutanthauza mmene ngongole imakhudzira phindu la eni masheya, nde ndati ndilembe pano zisanauluke. Funso lake ndi lakuti kampani ikafuna ndalama zokulitsira bizinesi, ikongole kubanki kapena igulitse masheya atsopano, ndipo eni masheya akalewo phindu lawo pa sheya imodzi, lija timalemba EPS, likhala bwanji? Ndinadzipangira chitsanzo changa cha manambala osavuta, chifukwa za m'buku zimakhala ndi chiwongola dzanja cha 8 peresenti chomwe kuno sungachipeze olo utalota.

Tinene kampani ili ndi masheya 1,000,000, ilibe ngongole, ikufuna K200 miliyoni. Njira yoyamba igulitse masheya 500,000 pa K400 imodzi, onse pamodzi akhale 1,500,000. Njira yachiwiri ikongole ndalama yonseyo pa 25 peresenti, kutanthauza chiwongola dzanja cha K50 miliyoni chaka chilichonse, masheya nkukhalabe 1,000,000. Msonkho ndaika 30 peresenti ngati wa makampani ambiri kuno ku Malawi. EBIT ndi phindu lomwe bizinesi yapanga usanachotse chiwongola dzanja ndi msonkho. Mu fomulamu I ndi chiwongola dzanja, t ndi msonkho, N ndi chiwerengero cha masheya, ndipo tikusaka EBIT yomwe EPS ya njira ziwirizi imafanana, manambala ali m'mamiliyoni.

```
EPS = (EBIT - I)(1 - t) / N
EBIT(0.7) / 1.5 = (EBIT - 50)(0.7) / 1.0
EBIT = 150
```

Ndiye poyinti ija ili pa EBIT ya K150 miliyoni. Apa kaya wakongola kaya wagulitsa masheya EPS ndi K70 basi. Onani kuti 0.7 uja ali mbali zonse ziwiri nde amangodyana, msonkho susuntha poyintiyi pamene tikufanizira ngongole ndi masheya wamba. EBIT ikakwera kufika K200 miliyoni, ngongole ikupereka K105 pa sheya pomwe masheya akupereka K93.33. Ikatsika kufika K100 miliyoni zinthu zatembenuka, ngongole K35, masheya K46.67.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi chifukwa chake yankho likubwera 150 osati nambala ina. Mukatenga masheya onse 1,500,000 pa mtengo wa K400, kampani yonse ndi ya K600 miliyoni, ndipo 150 pa 600 ndi 25 peresenti, ndendende chiwongola dzanja cha banki chija. Kutanthauza kuti ngongole imayamba kuthandiza eni masheya pokhapokha bizinesi ikamabereka kuposa mtengo wa ngongoleyo, ikamabereka pansi pake ndiye kuti akalewo akuwonjezera za mthumba mwawo kuti banki ikhute. Ndi njira yabwinonso yochekera yankho pamayeso ngati kampani inalibe ngongole poyamba.

Tsopano DFL, muyeso wa levareji ija. Iyi imakuuza kuti EBIT ikasintha ndi peresenti imodzi, EPS isintha ndi maperesenti angati.

```
DFL = EBIT / (EBIT - I)
```

Pa njira ya masheya palibe chiwongola dzanja nde DFL ndi 1 paliponse, EBIT ikatsika 10 peresenti EPS nayo 10 peresenti, nkhani yatha. Pa njira ya ngongole, titaima pa 150, DFL ndi 150 kugawa ndi 100, yomwe ndi 1.5. Tiyese: EBIT itsike 10 peresenti kufika 135, tichotse 50 patsala 85, msonkho ukadya yake EPS ndi K59.50, kuchoka pa K70 kumeneko nkutsika 15 peresenti. Ikakwera kufika 165, EPS ndi K80.50, yakweranso 15 peresenti yomweyo. Imamenya mbali zonse.

Koma apa mpomwe anthu ambiri amagwa, amatenga DFL ngati nambala imodzi ya kampani yomwe siisintha. Ayi ndithu, imadalira pomwe waima. Kampani yomweyi, ngongole yomweyi, pa EBIT ya 200 DFL ndi 1.33, pa 100 ndi 2, pa 60 yafika 6. Pa 60 pamenepo EPS ndi K7 yokha, ndipo EBIT ikangotsika pang'ono kufika 54, EPS yagwera pa K2.80, kutaya 60 peresenti chifukwa cha kutsika kwa 10 peresenti basi. Ukafika pa 50 penipeni pansi pa fomula pali ziro, phindu lonse lapita kubanki, eni masheya alibe kalikonse. Pansi pa 50 DFL imatuluka ndi mainasi, ndipo ukaona choncho usaganize kuti chiopsezo chachepa, ndiye kuti kampani siikukwanitsanso chiwongola dzanja. Zili ngati kuyenda mmphepete mwa phompho, phazi limodzi lomwelo kutali silitanthauza kanthu koma pafupi ndi nkhani ina.

Nde kwa ine mfundo yaikulu ndi yakuti poyinti ya 150 ija payokha siyankha funso. Imangonena mbali yomwe EPS ili yaikulu, siikuuza kuti mwayi woti EBIT igwe pansi pake ndi wochuluka bwanji. Makampani awiri onse akhoza kuyembekezera K170 miliyoni, wina malonda ake ndi okhazikika chaka ndi chaka, winayo amadalira mvula kapena kupezeka kwa ndalama zakunja zogulira zipangizo moti chaka china 250 chaka china 70. Pa pepala onse ali pamwamba pa 150 nde "kongolani", koma wachiwiriyo chaka choipa DFL yake ili pa 3.5 ndipo banki siifunsa ngati mvula inagwa.

Komanso poyintiyo imayenda. Ngongole zambiri za mabanki kuno chiwongola dzanja chake sichokhazikika, chimatsatira reti yomwe imasuntha Reserve Bank of Malawi ikasintha yake. Chikakwera kuchoka 25 kufika 30 peresenti, I wakhala K60 miliyoni ndipo poyinti yasamukira pa K180 miliyoni, kampani ija ya 170 yomwe inali mbali yabwino yapezeka ili pansi osasintha kanthu pa malonda ake. Mtengo wa masheya nawonso umakoka: atagulitsidwa pa K250, pafunika masheya 800,000 kuti ndalama ikwane, onse 1,800,000, ndipo poyinti ikutsika kufika K112.5 miliyoni, chifukwa kugulitsa masheya motchipa kumasungunula gawo la akale kwambiri nde ngongole imaoneka bwino msanga.

Kamsampha kena ka pamayeso ndi masheya a pulefarensi, omwe eni ake amalandira gawo lawo la phindu, dividendi, eni masheya wamba asanalandire. Dividendi yawo imalipidwa msonkho utachotsedwa kale, ndiye mu DFL sungangoichotsa ngati chiwongola dzanja, umayamba waigawa ndi 1 - t. Dividendi ya K50 miliyoni imafuna EBIT ya pafupifupi K71.4 miliyoni. Ndipo akakufunsa poyinti pakati pa ngongole ndi pulefarensi pomwe masheya wamba ali ofanana mbali zonse, usavutike kusaka, pa girafu mizere yake ndi yoyenda limodzi osakumana, ndipo ngati chiwongola dzanja ndi dividendi zili zofanana, ngongole ili pamwamba nthawi zonse.

China chomwe fomula ya EPS siiona nkomwe ndi kubweza ngongole yeniyeniyo. K200 miliyoni ija ngati ndi ya zaka 5, ndi K40 miliyoni chaka chilichonse yotuluka mthumba pamwamba pa chiwongola dzanja, ndipo imeneyo siichepetsa msonkho. Kuti itsale pambuyo pa msonkho pafunika pafupifupi 57 miliyoni, kuphatikiza 50 uja chaka choyamba pakufunika EBIT ya 107 kuti ungokwanitsa banki, tikaika pambali dipulesiyeshoni, kutha mtengo kwa katundu wa kampani. Pa EBIT ya 100 EPS ikuonetsabe K35 ngati zinthu zili bwino, pomwe kashi wolipira banki waperewera kale.