Zimene ndinaphunzira pa nyale zitatu za sola mu shopu ya amalume

Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikuthandiza amalume mu shopu yawo pa Nchalo, ndipo madzulo ndimawerenga maphunziro a zamalonda. Mwa mitu yonse imene ndawerenga, umene unandigwira mtima kwambiri ndi wa momwe mtengo woyamba kuumva umatsogolera maganizo a wogula. Mabuku amautcha nangula, chitsulo chimene chimaimitsa sitima pamadzi, koma ine ndinaumvetsa bwino nditaganizira mbuzi yomangidwa pachikhomo. Mbuziyo imayenda ndithu, imadya uku ndi uko, koma siipitirira utali wa chingwe chake. Wogula naye akamva mtengo woyamba, mitengo ina yonse amaiyeza kuchokera pamenepo, ndipo chimene akuchitcha chodula kapena chotchipa chimadalira malo amene chikhomocho chakhomedwa.

Akatswiri awiri a kaganizidwe ka munthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anasonyeza zimenezi mu 1974. Ankazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, ndipo kwa ena linaima pa 10, kwa ena pa 65. Kenako ankawafunsa kuti mwa mayiko 100 aliwonse a m'bungwe la United Nations, a mu Africa ndi angati. Amene anaona 10 mayankho awo anali cha pa 25, pamene amene anaona 65 anali cha pa 45, ngakhale onse ankaona ndi maso awo kuti nambalayo yachokera pagudumu ndipo ilibe chochita ndi funsolo. Mu 1992 Tversky yemweyo pamodzi ndi Itamar Simonson anayesa zofanana ndi makamera. Anthu atapatsidwa makamera awiri, wotchipa ndi wokwererapo, anagawikana pakati. Atawonjezerapo wachitatu wodula kwambiri, oposa theka anasankha wapakati uja. Kamerayo sanasinthe, mtengo wake sunasinthe, chinasintha ndi chimene ankamuyerekezera nacho.

Nditawerenga izi ndinakumbukira nyale za sola zimene timagulitsa. Kuno kuchigwa dzuwa silisowa, ndipo anthu ambiri ochokera m'midzi yozungulira alibe magetsi, choncho nyalezi zimayenda. Tinali ndi mitundu iwiri. Yaing'ono tinkaoda pa K7,000 n'kugulitsa K9,000, ndipo ntchito yake ndi kuunikira basi. Yokulirapo tinkaoda pa K13,000 n'kugulitsa K18,000, imawala nthawi yaitali ndiponso imatchaja foni. Pa yaing'ono phindu linali K2,000, pa yokulirapo K5,000. Nditatsegula kabuku kathu ka malonda ndinapeza kuti mwa nyale 30 zimene zinatuluka mwezi umodzi, 21 zinali zazing'ono, 9 zokha zokulirapo, ndipo phindu lonse linali K87,000.

Chimene chinkandiwawa sichinali phindu lokha. Ambiri ogula yaing'onoyo ndinkawaonanso masiku otsatira atanyamula foni kupita kukatchajitsa pa golosale ina, kulipira tsiku ndi tsiku ndalama imene miyezi ingapo ikanakwana kusiyana kwa nyale ziwirizo. Nditayang'anitsitsa momwe tinkagulitsira ndinaona kuti chikhomo tinkachikhoma tokha pamalo olakwika. Munthu akafunsa kuti, "Nyale zili bwanji?" amalume ankayankha mwachizolowezi kuti, "Zikuyambira K9,000." Kuchokera pamenepo K18,000 inkamveka ngati kulipira kawiri, ndipo wogula ankatseka makutu tisanafotokoze n'komwe za kutchaja foni.

Ndinawapempha amalume kuti tikaode mtundu wachitatu ku Limbe, seti yokhala ndi mababu atatu, panelo yokhoma padenga ndi batire lake, yooda pa K37,000 n'kugulitsa K45,000. Poyamba anakana. Anati, "Mphwanga, ndalama imeneyo ingogona pa shelefu, ndani agule zimenezo kuno?" Nkhawa yawo inali yoona, chifukwa maseti atatu okha anali kumanga K111,000 ya mpamba, ndalama yokwana kuoda nyale zapakati 8. Tinagwirizana kutenga atatu okhawo, osapitirira apo.

Kenako ndinasintha zinthu ziwiri zazing'ono. Pa shelefu ndinaika seti yaikulu kumbali ya khomo, pamene diso la wolowa limayamba kugwera, yapakati pambali pake penipeni, yaing'ono kumapeto, iliyonse ndi mtengo wolembedwa pakatoni ndi zilembo zazikulu. Ndipo yankho langa linasintha dongosolo. Mayi wina wochokera cha ku Ngabu, mwana ali kumsana, anafunsa za nyale, ndipo ndinati, "Amayi, zilipo za mitundu itatu. Iyi ndi ya nyumba yonse, mababu atatu, K45,000. Iyi imawala usiku wonse ndipo imatchaja foni, K18,000. Iyi ndi younikira chabe, K9,000." Anagwira seti yaikuluyo, anapukusa mutu, kenako ananyamula yapakati n'kuitembenuza kufuna kuona polowetsa chingwe cha foni. Anati, "Iyi ndiye yabwinoko, achimwene." Mawu akuti yabwinoko ndinawasunga mumtima, chifukwa mwezi wathawo nyale yomweyo anthu ankaitcha yodula ija.

Mwezi umenewo tinagulitsanso nyale 30, koma 13 zinali zazing'ono, 15 zapakati, ndi maseti aakulu 2, ndipo phindu linafika K117,000. Ndikanatha kusangalala n'kulekera pomwepo, koma maphunziro omwewo anandichenjeza kuti mwezi umodzi si umboni. Malonda a pa Nchalo amakwera ndi kutsika motsatira malipiro a ogwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndiponso nthawi imene alimi agulitsa thonje kapena chitowe. N'kutheka kuti anthu anali chabe ndi ndalama. Choncho ndinayesa mosinthanasinthana, sabata imodzi seti yaikulu pa shelefu, sabata yotsatira m'katoni kuseri, kwa masabata 8, kuti masiku a malipiro agwere mbali zonse ziwiri. Sindinkawerenga kuchuluka kwa nyale zogulidwa, popeza kumeneko kumatsatira ndalama za m'matumba. Ndinkawerenga kuti mwa ogula nyale, ndi angati atenga yapakati. Masabata amene seti inali poonekera, pafupifupi theka ankatenga yapakati, pamene masabata enawo anali mmodzi mwa atatu alionse. Ogula athu ndi ochepa, ndiye sindinganene kuti zimenezi zingachitike m'shopu iliyonse, koma kwa ife kusiyanako kunabwerezabwereza mokwanira.

Kulakwitsa kwanga kwakukulu kunabwera pambuyo pake. Poona kuti njirayi yagwira, ndinaganiza kuti chikhomo chikakhala pamwamba kwambiri, yapakati idzaoneka yotchipa kwambiri. Ndinabwereka kwa mnzanga wina seti ya K180,000 yoyendetsa wailesi yakanema, n'kuiika pamalo a seti ija. Zotsatira zake zinali zosiyana ndi zimene ndinkayembekezera. Anthu ankalowa, kuwerenga mtengo, n'kutembenuka osagwira kanthu, ndipo ndinamva bambo wina akuuza mnzake pakhonde kuti, "Muno ndi mwa mabwana, tiyeni tione kwina." Chinthu chodula chiyenera kukhala cha banja limodzi ndi chapakaticho, choti wogula angachiganizire ngakhale pang'ono, apo ayi sichiyezanso chapakati koma chimayeza shopu yonse. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: nangula akamagwira ntchito, wogula amagwira chodulacho, kufunsa funso limodzi kapena awiri, kenako dzanja limatsikira pa chapakati. Akalephera, wogula safunsa chilichonse. Kwa ife, seti yodula kawiri ndi theka kuposa yapakati inathandiza, yodula kakhumi inathamangitsa anthu, ndipo patatha masiku 5 ndinaibweza kwa mwini wake.

Ndinaonanso kuti si wogula aliyense amene amalowa wopanda chikhomo chake. Amene wabwera kumene kuchokera ku Limbe ndipo waona mitengo ya kumeneko, kapena amene mnansi wake anagula nyale yomweyo sabata yatha, ali kale ndi nambala m'mutu, ndipo shelefu yanga siimusuntha. Ena chikhomo chawo ndi mtengo wakale. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri anakhala nthawi yaitali akuyeza katundu ndi mitengo ya kale, ndipo mtengo uliwonse watsopano unkamveka ngati kuba. Kwa wogula wotere chimene chimathandiza ndi kumufotokozera zimene nyaleyo imachita ndi ndalama ya kotchajitsa foni imene adzapulumutse. Palinso amene m'thumba muli K9,000 yokha. Ameneyo kumuonetsa seti yaikulu sikumuwonjezera ndalama, ndipo ndimaonetsetsa kuti asachite manyazi potenga yaing'ono, chifukwa nayo ndi nyale yabwino pa ntchito yake.

Kunenerera nako kumalowa m'nkhaniyi. Kuno palibe amene amalipira mtengo woyamba osapempha kuchotserako, ndipo ndikalola yapakati kutsika kufika K15,000, phindu lake limakhala K2,000, chimodzimodzi ndi la yaing'ono, kutanthauza kuti ntchito yonse ija yapita pachabe. Tinagwirizana ndi amalume kuti malire ndi K17,000, ndipo wolimbikira kupitirira apo timamuwonjezera chingwe chotchajira m'malo mochotsanso ndalama.

Pali funso limene linandivuta masiku angapo, loti kodi uku si kupusitsa anthu. Ndinafika poona kuti malire ake ali pa choonadi cha zinthu ziwiri. Choyamba, seti yaikuluyo ndi katundu weniweni, wogulitsidwa pa mtengo wake weniweni, ndipo alipo amene anagula n'kukhutira. Izi n'zosiyana ndi zimene ndinaona m'shopu ina, pamene analemba mtengo wonama umene katunduyo sanagulitsidwepo, kuukhwatcha, n'kulemba wina pansi pake ngati atsitsa. Kumeneko ndi kunamiza wogula, ndipo ndi nkhani za mtundu umene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake. Chachiwiri, chinthu chapakaticho chiyenera kukhala choyeneradi ndalama yake. Pa Nchalo timadziwana, ndipo nyale ikafa patatha mwezi, mayi uja adzabwera nayo pakhomo pa shopu, komanso akazi anzake onse a kumjigo adzakhala atamva kale.

Chifukwa cha ichi, tisanaode katoni yatsopano ya nyale zapakati, ndimatengako imodzi kupita nayo kunyumba, kuiika padzuwa tsiku lonse, kuiyatsa usiku n'kulemba maola amene yawala, kenako kuyesa ngati ikudzaza foni. Katoni yapitayi nyale yake inazima itangowala maola 3, ndipo amalume atamva anavomereza kuti tisaitenge, ngakhale kuti zimenezo zinatisiya sabata yathunthu tili ndi seti yaikulu ndi nyale yaing'ono zokha pa shelefu. Sabata imeneyo seti yaikulu ndinaibwezera m'katoni kuseri mpaka nyale zapakati zabwino zitafika.